Mapepala Awiri a Fakitale ya Sopo

Mayi amenewa ndinakhala nawo ofesi imodzi zaka zisanu ndi chimodzi pa fakitale ya sopo. Ine ndinali wojambula zithunzi, iwo wolemba nkhani za kampani. Aliyense ankawatchula kuti Alembi, ngakhale mlonda wa pageti. Tebulo lawo linali pafupi ndi zenera losatsekeka bwino loyang'ana kumene malole amapakira katundu, moti mapepala awo onse ankanunkhira sopo. Ankaseka kuti nkhani zawo ndi zoyera kale zisanachoke m'manja.

Anayamba ntchito ngati wotayipa makalata. Tsiku lina anakonza chilengezo chimene bwana wina analemba mokhotakhota, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chopita kwa anthu chinkadzera pa tebulo lawo. Anali ndi chizolowezi chowerenga mokweza zimene alemba, wotchi ili pambali. Ankati mawu amene akukola lilime lako akakolanso khutu la womvera.

Amuna awo ankagwira ntchito pa fakitale yomweyo. Anali kapitawo wa chipinda chokulungira sopo pamanja, mmene anthu zana limodzi ndi makumi awiri ankakhala m'mbali mwa matebulo aatali, kukulunga ndi kulongedza m'makatoni. Kapitawoyu anali munthu wa mawu aakulu ndi mtima wosasunga kanthu. Akamva kuti wina mwa anthu ake walakwiridwa, ankakwera masitepe mpaka kwa mabwana, magolovesi ali m'manja. Masana aliwonse ankabwera kudzadya ndi akazi awo mu ofesi yathu, ine nkumanamizira kupukuta kamera.

Lolemba lina bwana wathu, mkulu wa zofalitsa nkhani, anabwera ndi chikalata cha masamba awiri chochokera ku likulu. Kampani inali kukulitsa fakitale. Anawauza Alembi kuti pa chikalatacho patuluke mapepala awiri. Lina likhale la wailesi ya m'dera lathu, losapitirira mphindi imodzi. Linalo likhale la m'Chingerezi, lopita kwa anthu akunja amene kampani inkafuna kuti aikemo ndalama zawo. Onse awiri atuluke Lachinayi nthawi ya teni koloko, osati isanakwane. Anawapatsanso faelo ya ziwerengero, atayamba wawasainitsa kuti za m'menemo sadzauza munthu.

Alembi anayamba ndi pepala la akunja. Anthu amenewo safuna nyimbo, ankatero. Amafuna kudziwa kuti sopo achuluka bwanji, akagulitsidwa kuti, ndipo ndalama zawo zibala liti. Analemba kuti fakitale izitulutsa sopo wochuluka kawiri, ndi kuti misika ya mayiko oyandikana yatseguka. Atafika pa tsamba lachinayi la faelo ija, ndinamva makiyi a kompyuta atasiya kulira.

Ndinafunsa ngati magetsi avuta. Anangopukusa mutu. Patapita miyezi ndi pamene anandiuza zimene anaona: makina atsopano azidzakulunga ndi kulongedza okha, ndipo chipinda cha pamanja chidzatsekedwa. Kwa akunja, imeneyo ndiyo inali nkhani yokoma kuposa zonse. Loya wa kampani anafuna kuti ikhale m'ndime yachiwiri: mtengo wopangira katoni iliyonse utsika chifukwa ntchito ya manja ichepa. Alembi analemba chiganizocho bwinobwino, monga ankalembera chilichonse.

Pepala la wailesi linali ndi ziwerengero zake, zoona nazonso. Omanga adzafunika mazana atatu, ndipo oyendetsa makina makumi anayi. Bwana anafuna kuti liyambe ndi mawu akuti ntchito zatsopano zoposa mazana atatu. Alembi anapita ku ofesi yake kukanena kuti zambiri mwa ntchitozo ndi za miyezi khumi yokha, ndiponso kuti si bwino kutchula zobwera nkubisa zochoka. Bwana sanali munthu woipa. Anawakhazika pansi nkuwafotokozera kuti ogwira ntchito adzauzidwa mwadongosolo kudzera ku bungwe lawo akunja aja akavomera, ndi kuti anthu sangamvere pa wailesi kuti ntchito yawatha.

"Palibe bodza mmenemu, mayi," anatero. "Aliyense tikumuuza zimene zikumukhudza."

"Zikuwakhudza kwambiri ndi zimene tachotsazo, bwana."

Bwana analola mawu anayi okha: zambiri pa nthawi yomanga. Alembi anabwerera nawo pa tebulo, nawerenga pepala lonse mokweza katatu. Linakwana masekondi makumi asanu ndi awiri.

Tsoka linali lakuti sabata yomweyo kapitawo anali atapeza mwayi. Mnzake wakale, amene ankayang'anira nyumba yosungira katundu ku mbali ina ya tauni, ankafuna kapitawo ndipo anati yankho limupeze pofika Lachisanu. Malipiro anali ocheperako pang'ono, ulendo wa minibasi ziwiri. Lachiwiri madzulo, ana akulemba za kusukulu pa tebulo, Alembi anawauza amuna awo kuti aivomere ntchitoyo. Anati kusintha mpweya nkwabwino, anati fungo la sopo lawakwana pachifuwa, anati mnzawoyo ndi munthu wokhulupirika. Ananena zonse kupatula chenichenicho.

Amuna awo anaseka. "Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndisiye chifukwa cha chifuwa? Kapena watopa nkudya nane masana?"

Ndinawafunsa Alembi pambuyo pake chifukwa chimene sananenere zoona. Anayankha kuti ankawadziwa amuna awo. Akanamva usiku, m'mawa mwake chipinda chonse chikanamva, ndipo pofika masana onse awiri akanakhala kunja kwa geti, ana atatu ali pasukulu. Ankaganiza kuti awakankha pang'onopang'ono mpaka avomere. Ankati masiku atatu akwana.

Lachinayi nthawi ya teni anatumiza mapepala onse awiri, lina kwa mkonzi wa nkhani ku wailesi, linalo pa imelo kwa anthu makumi atatu a pa mndandanda wa bwana. Nkhani za masana zinapeza anthu ali m'kantini. Ine ndinali komweko ndi kamera, chifukwa bwana ankafuna zithunzi za nkhope zosangalala. Muulutsi anawerenga mitu ya nkhani, ndipo wathu unali woyamba: fakitale ya sopo ilemba anthu oposa mazana atatu. Kantini yonse inaphulika. Amayi okulunga sopo anaimba nthungululu, ena kumenya masipuni pa mbale. Muulutsi atafika pa nkhani yeniyeniyo anawerenga mawu anayi aja mokhulupirika, koma ine ndekha ndi amene ndinawamva, chifukwa ndinaima pansi pa sipika.

Kapitawo anakwera masitepe akuthamanga. Analowa mu ofesi yathu osagogoda, nawagwira akazi awo mapewa.

"Ndiye umandithamangitsa pamene mvula ikubwera? Mawu ako omwe ndawamva. Ndamuimbira kale mnzanga uja kuti apeze wina."

Alembi anayang'ana foni ili m'thumba la malaya a amuna awo. Anati mwina aimbenso, aganize kaye mpaka mawa. Amuna awo anati munthu sathawa phwando, ndipo anatsegula kontena ya chakudya. Tsiku limenelo Alembi sanadye. Anati mutu.

Miyezi inayi yotsatira inali yachilendo. Kuseri kwa fakitale anakumba maziko, simenti inabwera, ndipo kapitawo ankapita kukaonerera nthawi yopuma, nkumabwera kudzatiuza kutalika kwa khoma. Analonjeza mwana wa mlongo wake kuti amupezera malo. Alembi anaonda. Anayesa kufunsa bwana ngati kapitawo angaphunzitsidwe makina, koma anauzidwa kuti pakufunika a satifiketi ya zamagetsi. Ankadula zilengezo za ntchito m'nyuzipepala nkumazisiya pa tebulo kunyumba, amuna awo nkumayatsira mbaula.

Akunja atavomera, oyang'anira anaitanitsa msonkhano m'chipinda chokulungira sopo. Mkulu woona za antchito anafotokoza kuti chipindacho chitsekedwa pakatha miyezi itatu, ndipo aliyense alandira zake monga mwa lamulo. Kenako mlembi wa bungwe la ogwira ntchito anaimirira ndi pepala limene wina anamupatsa mwamseri. Linali la akunja lija. Anawerenga ndime yachiwiri m'Chingerezi, naimasulira, kenako anawerenga tsiku limene linalembedwa. Wina anafunsa kuti analemba ndani. Pansi pa pepala lililonse lotere pamakhala dzina ndi nambala ya munthu wofunsidwa zambiri. Mlembiyo anazengereza, koma anthu anakakamira, ndipo anawerenga.

Palibe amene anayang'ana Alembi, ngakhale anali ataima pakhomo ndi kabuku kawo. Onse anatembenukira kwa kapitawo. Mayi wina wachikulire, amene anakulunga sopo pa tebulo loyamba kuyambira fakitale isanapakidwe penti, anamufunsa ngati nayenso ankadziwa. Kapitawo anati sankadziwa. Ndinaona kuti theka la anthuwo silinamukhulupirire.

Madzulo ake, monga Alembi anandiuzira, amuna awo sanakalipe. Anadikira ana atuluke, nakhala pa mpando wa pakhonde nsapato zantchito zili kumapazi. Zaka zonse za ukwati wawo ankawaitana akazi awo kuti iwe, mwachikondi. Tsiku limenelo anati inu.

"Tsiku lija ndinabwera ndikuthamanga lija, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga ndikubwera kudzakuuzani za khoma?"

Alembi anafotokoza za kusaina, za ana, za mawu anayi amene anawamenyera nkhondo. Amuna awo anamvetsera mpaka kumapeto. Anati zonsezo akuzimva, ndipo mwina iwonso akanachita chimodzimodzi. Chimene sankatha kuchimeza chinali chakuti miyezi inayi ankadya ndi munthu amene ankawaonerera akusangalala.

Kapitawo anagwira ntchito miyezi itatu yotsalayo osaphonya tsiku, koma ku ofesi yathu sanakwerenso. Ankadyera pa katoni kuseri kwa chipinda chawo. Chipindacho chitatsekedwa anapita kukakhala kwa achimwene awo, amene ali ndi malo owotcherera zitsulo kutsidya kwa njanji, ponena kuti kumeneko nkufupi ndi maganyu. Sanathetse ukwati. Ankhoswe anakhalapo pansi kawiri, koma panalibe mlandu woti aweruze, poti wina sankaimba mnzake mlandu.

Alembi akadali pa tebulo lomwe lija. Nyumba yatsopano ya fakitale itatha, analemba za mwambo wotsegulira, la wailesi ndi la akunja, ndipo bwana anawayamikira. Ine ndinasamutsidwira ku likulu chaka chatha, koma timaimbirana. Amati amuna awo amabwera Lamlungu lililonse kudzaona ana. Amakonza chimene chawonongeka, mpopi kapena loko, amafunsa za sukulu, ndipo ikakwana folo koloko amatsanzika mwaulemu. Mwana wamng'ono amawaperekeza mpaka pa siteji ya minibasi. Alembi amatsalira kukhitchini, kutsuka mbale zimene atsuka kale, mpaka mwanayo abwere.