Ola Limene a NyaHarawa Sanauzidwe

Pachipatala chathu chaching'ono cha mpingo kuno ku Rumphi, ukafuna kudziwa nthawi unkangoyang'ana a Anesi Harawa. Aliyense amawatchula kuti a NyaHarawa. Akhala kalaliki wolandira odwala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ine namwino wochokera ku Dedza anandilandira ndi mawu oti, "Kuno hafu seveni ndi hafu seveni, mama." Ndinawada sabata yonse. Lero ndine amene ndikupsa mtima m'malo mwawo.

Mu Novembala, dokotala wina wa mtima wa ku Scotland anadzipereka kuti aziona odwala athu pa vidiyo Lachinayi lililonse, kwa theka la ola. Iye anakonza msonkhanowo pa kalendala ya pakompyuta, naini koloko ya kwawo, n'kutumiza kwa bwana wathu, a Arthur Msiska. Pafoni ya bwana inaoneka leveni koloko, poti nthawi imeneyo ife timakhala patsogolo ndi maola awiri. Bwana anangoponya mawu ali pakhomo: "Lachinayi lililonse, leveni." Kalendalayo sanawapatse a NyaHarawa. Anawapatsa laputopu ndi linki basi, ngati munthu wokupatsa njinga koma osakuuza kuti ilibe mabuleki.

Miyezi isanu zinayenda bwino. A NyaHarawa ankalemba tsiku ndi ola m'mabuku a odwala ndi zilembo zawo zoongoka zija.

Ndiye panali a Mabel Chavula a ku Mhuju, mayi wa ana atatu, amene mtima wawo unkawatopetsa ngakhale pomanga chitenje. Madokotala a opaleshoni ochokera kunja amabwera kamodzi pachaka, ndipo mndandanda wa odwala unkatsekedwa Lachisanu pa 4 Epulo. Kuti dzina la a Mabel lilowe, dokotala uja ankayenera kuwaona ndi kusaina. Zithunzi za mtima zinachedwa ku Mzuzu, choncho mwayi unali umodzi wokha: Lachinayi pa 3 Epulo. A NyaHarawa analemba m'buku lawo: leveni koloko.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti Lamlungu lomaliza la Malichi, anthu a ku Scotland amakankha mawotchi awo. Wani koloko ya usiku imalumpha n'kukhala thu koloko, ola lonse osaoneka. Mu Okutobala amalibweza, ola limodzi n'kuchitika kawiri. Zawo zimenezo! Koma kalendala imagwira nthawi ya amene anakonza msonkhano. Naini ya dokotala inakhalabe naini, ndipo kwa ife inasanduka teni. Pafoni ya bwana inasuntha yokha mwakachetechete, popanda uthenga, chifukwa kwa iyo palibe chimene chinasintha.

Tsikulo bwana anali ku wekishopu ku Boma. Foni inawakumbutsa teni isanakwane, iwo n'kuitembenuza chafufumimba pa tebulo.

A Mabel anafika pa kabaza wa njinga yamoto cha m'ma hafu teni, atagwira envulopu ya zithunzi pachifuwa. A NyaHarawa anawakhazika, n'kuwapatsa madzi. Kota thu leveni anatsegula laputopu, monyadira kuti afulumira. Pa vidiyopo panalibe munthu. Dokotala anali atadikira theka la ola lake lonse, analembera bwana kawiri, kenaka analowa mu fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Tinaimba, tinalemba, ine mpaka ndinalira ndi ukali. Dokotalayo anayankha Loweruka, mopepesa kwambiri, mndandanda utatsekedwa kale.

Lolemba bwana anawaitana a NyaHarawa, ine ndili pomwepo.

"Mama, kalendala ikuonetsa teni. Onani nokha. Inu leveni munaitenga kuti?"

"Kwa imwe, adada," anayankha motsitsa. "Munandiuza muli pakhomo apo."

"Zimenezo zinali za Novembala. Masiku ano munthu amayenera kuyendera limodzi ndi teknoloje."

Ndinalephera kudzigwira. "Teknoloje yake iti, bwana, imene ili m'thumba mwanu? Inuyo munadziwa kuti yasuntha?"

Anangosolola kalata ya chenjezo yolembalemba kale, yoti a NyaHarawa sasamala nthawi. Sasamala nthawi! Mayi amene anabwera kuntchito m'mawa wa tsiku la ukwati wa mwana wawo kudzasiya makiyi. A NyaHarawa anasaina, n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo. Yewo ameneyo amandiwawa mpaka lero.

Kalatayo sinawapweteke ngati zimene zinatsatira. Lachinayi linalo a Mabel anabweranso, ndipo dokotala anawaona pa teni koloko yeniyeni. Anasaina kuti dzina lawo lilowe pa mndandanda wa chaka chamawa, ndipo anawonjezera mankhwala oti awasunge kufikira nthawiyo. Sanalonjeze kuti awasungadi.

A NyaHarawa anatenga buku kuti alembe tsiku lodzabweranso. A Mabel anapuma kaye kawiri, monga amachitira asanayankhule, ndipo anafunsa popanda mkwiyo uliwonse:

"Mulembe bwino, mama. Ine mphamvu zobwera kawiri ndilibenso. Ndidzafike teni, panji leveni?"