Cholembera Chofiira ndi Apongozi Anga

Chaka chimene apongozi anga anaganiza zolembanso mayeso a Fomu 4, ine n'kuti nditaphunzitsa bayoloje kwa zaka zingapo pasekondale ina yoyendera kumunsi kwa phiri la Michesi, koma ndisanalankhulepo nawo mawu opitirira moni. Kwathu ndi ku Dedza. Ndinakwatira konkuno ku Phalombe n'kumanga pamalo a akazi anga, ndipo nyumba yathu ndi ya apongozi zinangolekana ndi mpanda wa udzu. Kwathunso apongozi timawaopa, koma banja limene ndinalowali linkapitiriza muyeso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'chinangwa cha kumanja, ine cha kumanzere, moni n'kumapatsana titafulatirana. Chilichonse chofuna kundiuza chinkadzera mwa akazi anga, ngakhale ine nditakhala pomwepo makutu ali tcheru.

Apongoziwo sanali nkhalamba ayi. Anali mayi wamphamvu zake, wokolopa ndi kuyala mabedi pachipatala chaching'ono cha m'dera lomweli. Ankafuna kupita kukosi ya zaumoyo, koma kumeneko ankafuna munthu wokhala ndi kirediti ya bayoloje. Anali atalemba kawiri, kawiri konse n'kungopeza pasi. Ulendo wachitatuwu anali atanena okha kuti ndi womaliza: zikakanika, adzakolopa mpaka kupuma pantchito.

Tsiku lina madzulo akazi anga analowa ndi buku la bayoloje lothothoka chikuto, n'kuliika patebulo potsegula mutu wa mtima ndi kayendedwe ka magazi.

"Amayi akuti muwapangire mafunso, ngati amene mumapangira ana anu kusukulu aja. Akayankha muziwachongera."

"Ine ndizichonga amayi?"

"Nanga aphunzitsi pamudzi pano ndi ndani? Mbuzi?"

Kupanga mafunso ndi ntchito imene ndimaikonda, ndipo pamenepa pokha ndimadzitama. Ndimayamba ndawerenga mutu wonse n'kulemba mfundo zimene mwana ayenera kutuluka nazo. Kenako mafunso ndimawaika m'milu itatu, imene ana anga a sukulu anaipatsa okha mayina. Mulu woyamba amati mbatata, chifukwa suchedwa kupsa: tchulani zipinda zinayi za mtima, lembani mayina pachithunzi ichi. Wachiwiri amati makaka, chinangwa chouma chija chofuna mano: siyanitsani mtsempha wotulutsa magazi mumtima ndi wobweza magazi kumtima. Wachitatu amati kalongonda, nyemba zofuna kuphika tsiku lonse uku ukutaya madzi, apo ayi zikuzunguza mutu. Mafunso a kalongonda sakhala ndi mawu aatali. Amangofunsa kuti "chifukwa chiyani", kapena amatenga zimene mwana waloweza n'kuziika pamalo amene sanazionepo. Funso lililonse ndimalilembera yankho papepala lina, mfundo imodzi malikisi amodzi, ndipo yankho likandivuta kulemba mwachidule ndimadziwa kuti funsolo ndi lopotoka.

Ndinakonza milu yonse itatu, m'Chingerezi monga mayeso amabwerera, akazi anga n'kupita nayo kuseri kwa mpanda. Patapita masiku ochepa pepala linabwera litapindidwa bwino. Mbatata anadya yonse osasiya khoko. Makaka anatafuna theka. Koma pa kalongonda panali maliro. Ndinafunsa chifukwa chimene khoma la chipinda chamunsi chakumanzere kwa mtima ndi lochindikala kuposa la chakumanja. Iwo anandilembera tsamba lathunthu la zonse zimene buku limanena za mtima, ndi dzanja lokongola kwambiri, koma chifukwacho munalibe. Yankho lake ndi mizere iwiri yokha: chakumanzere chimakankha magazi mwamphamvu kuti azungulire thupi lonse, pamene chakumanja chimangowafikitsa kumapapo, pafupi pomwepa.

Ndinatenga cholembera changa chofiira, chimene ana a Fomu 3 amachiopa kuposa mkwapulo. Dzanja linakana. Kuthetha apongozi? Munthu amene anandipatsa malo omangapo, amene nandolo wake ndimadya? Ndinachibweza m'thumba n'kutenga pensulo. Pamene analakwa ndinkangoika kadontho, m'munsi n'kulemba kuti "mwayesetsa kwambiri".

Ulendo wotsatira kalongonda ndinamusiya m'kabati. Ndinatenga makaka n'kulemba pamwamba pake kuti "ovuta", mbatata ina n'kuikweza kukhala "apakatikati". Malikisi anakwera ngati mtengo wa feteleza, ndipo pamudzi panali mtendere. Akazi anga ankandiyang'ana cham'mbali.

"Ana a eni ake mumawaliza, koma kuno mwasanduka m'busa," anatero.

"Munthu wamkulu sitimuthamangitsa, timapita naye pang'onopang'ono."

"Mayesowo nawonso adzapita nawo pang'onopang'ono?"

Mkamwini amadziwa nthawi yoyang'ana kudenga.

Pepala lachinayi linabwera ndi zodabwitsa. Pa funso losavuta lija, la zipinda za mtima, apongozi analemba kuti zilipo zisanu, ndipo chachisanu anachipatsa dzina lomveka Chilatini limene sindinalionepo m'buku lililonse. Penanso analemba kuti magazi akachoka mumtima amayamba apita kuchifu kukapuma. Ndinaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti mwina atopa ndi ntchito, mwina anawerenga mumdima. Ndinaika kadontho kanga, ndipo pa chipinda chachisanucho ndinapereka theka la malikisi, poti zinayi zinazo zinali zoona.

Linali Loweruka masana, ine ndikukonza tcheni cha njinga pakhonde, akazi anga akusenda chinangwa. Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola kwa munthu wofuna kuti amveke.

"Iwe," anaitana mwana wawo, "bambo a kunyumba kwakowo alipo?"

"Alipo, amayi. Akukumvani."

"Sindikulankhula ndi iwo, ndikulankhula ndi iwe. Uwafunse, chipinda chachisanu cha mtima anachionera kuti? Ine ndachipeka ndekha ndikuchapa mabulangete, dzina lake ndatenga pabotolo la mankhwala okolopera. Iwo andipatsa theka."

Akazi anga anagwetsa mpeni n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Ine ndinangoti zyoli, manja ali bii ndi girisi.

"Uwauzenso kuti ulemu wawo ndauona, ndathokoza," anapitiriza apongozi, mawu atatsika. "Koma wochonga mayeso si mkamwini wanga. Sadya nandolo wanga ameneyo. Kawiri konse ndalephera anthu akundiuza kuti ndayesetsa. Ngati akundifunira zabwino, andipatse zimene amapatsa ana a eni ake."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo ngakhale pamaso pa oyendera sukulu. Komanso, kunena zoona, mtima unapepuka. Madzulo omwewo ndinatulutsa kalongonda yense m'kabati n'kuwonjezera wina. N'chifukwa chiyani mitsempha yobweza magazi ili ndi mavavu m'kati mwake, pamene yotulutsa ilibe m'njira monse? N'chifukwa chiyani mtima umagunda mofulumira munthu akamakwera Michesi kukatola nkhuni? Wophunzira wina wanena kuti mtsempha uliwonse wotuluka mumtima umanyamula magazi odzaza ndi okosijeni, kodi walondola? Mayankho ndinawatsekera kwanga, kuti asawaone asanavutike.

Pepala limenelo linabwerera kuseri kwa mpanda lili lofiira ngati pophera mbuzi. Akazi anga analinyamula ndi zala ziwiri. Ndinadikira kuti mwina ndimva zoti ndizilongedza, koma m'malo mwake kunabwera mbale ya nandolo wamuwisi ndi uthenga wakuti pa funso lachitatu sakumvetsa pamene alakwa.

Apa ndiye panavuta. Akazi anga bayoloje anaisiya kalekale ndipo sankaifunanso. Ndikawauza kuti akanene kuti mtsempha wopita kumapapo umatuluka mumtima koma magazi ake amakhala ndi okosijeni wochepa, pofika kuseriko nkhani inkakhala itatembenuka, mapapo ali kumtima, mtima uli kumapapo. Atayenda maulendo angapo anakhala pansi.

"Ine si lamya. Mpandawu ndi wa udzu, mawu amadutsa. Lankhulanani."

Tinayamba choncho. Apongozi ankayala mkeka mbali yawo, ine mpando mbali yanga, tonse titayang'ana kwina, akazi anga pakati ngati mboni. Ndinkawerenga funso, iwo n'kuyankha. Tsiku loyamba anayambanso kulakatula buku, ndipo ine ndinawadula mawu.

"Mwalakwa, amayi."

Kenako anati, "Chabwino, bambo. Bwerezani funsolo."

Anali wophunzira wamakani, wokonda kutsutsa, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndi mtundu umene ndimaukonda. Za mavavu anazigwira msanga nditawafunsa chimene chimaletsa magazi a m'miyendo kubwerera pansi munthu ataimirira: m'mitsempha yobweza magazi amayenda mopanda mphamvu, ndiye pamafunika tizitseko totseguka mbali imodzi. Za phiri anayankha kuti mtima umathamanga chifukwa munthu watopa. Ndinati kutopa si yankho, malikisi ali pa minofu: ikugwira ntchito yambiri, ikufuna okosijeni ndi shuga wambiri, ndiponso mpweya woipa uchotsedwe msanga. Anadandaula kuti ndine wouma mtima, kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwala. Mawa lake anayankha mfundo zonse zitatu, n'kufunsa ngati kulibe lina lovutirapo.

Mitu ina tinaidutsa chimodzimodzi, kupatula wa za kubereka, umene ndinaupereka kwa mphunzitsi mnzanga wamkazi popanda wotsutsa. Zotsatira zitatuluka anapeza 6, kirediti ya kumapeto kwenikweni, yolowera pawindo, koma kukosi anawatenga.

Komabe chimene chimandibwerera kawirikawiri si tsiku la zotsatiralo. Ndi madzulo amene tinamaliza mutu wa mtima uja. Anali atayankha funso lomaliza la mulu wovuta, lonse bwinobwino, ine n'kunena kuti palibe chochotsera. Ndinamva akutseka buku, koma sanadzuke pamkeka.

"Bambo," anatero, osadzeranso mwa mwana wawo, "mutu umenewu ndi umene tinkaphunzira sabata imene anandichotsa sukulu. Ndinali ndi mimba ya akazi anuwa. Aphunzitsi anajambula mtima pabolodi, anati mawa tidzamaliza."

Akazi anga, amene anali akusola nandolo pakati pathu, manja anaima.

"Ndiye mawa lake ndi lero," anatero apongozi. "Iwe, usalire, wamva? Bweretsa nandoloyo kuno ndikuthandize."