Wodwala wa pa funso lachitatu

Achimwene a Wilkins anali mkulu wa tonse m'kalasi mwathu ku koleji ya zaumoyo, imvi zitayamba kale. Anagwira zaka zambiri kusikelo ya ana asanalowe nafe maphunziro a ukiliniko ofesa. Chaka cha 2004, Loweruka lililonse, ine ndi anzanga atatu tinkapita kwawo ku Chinsapo kukayankha mafunso awo okonzekera mayeso.

Luso lawo linali lotembenuza manotsi. Mphunzitsi amayamba ndi dzina la matenda, zizindikiro pambuyo. Iwo ankabisa dzinalo n'kutipatsa munthu: zaka zake, chimene wabwera nacho, zimene wapeza pomupima, kenaka funso loti matendawa ndi ati, mayankho atatu pansi pake. Dandaulo la wodwala ankalilemba m'Chichewa. Ati kuchipatala palibe wodwala amene adzakuuze kuti ali ndi disifajiya, dzina la m'mabuku la vuto la kumeza. Tinkawaseka kuti ndi pulofesa wa pakhonde, iwo osadandaula.

Akazi awo, alamu athu a Leah, ankagulitsa tomato pamsewu. Anali munthu wa nthabwala, wotitcha madokotala a mawa. Chaka chimenecho anali ataonda, ndipo tikamadya chinangwa iwo ankangomwa tiyi. A Wilkins ankati ndi zilonda za m'mimba, ankawabweretsera mankhwala ake.

Loweruka lina alamu anakhala chapafupi akusankha tomato, a Wilkins akuwerenga funso lachitatu. Linali la bambo wa zaka 62, wosuta fodya, womwa kachasu. Kwa miyezi inayi nsima ikumuima pachifuwa, pano ndi phala lomwe likubwerera. Waonda kwambiri. Pomupima, m'kamwa mulibe zoyera, koma pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi pali chotupa cholimba. Mayankho anali zilonda za m'mimba, mafangasi a kummero, ndi khansa ya kummero.

Tonse tinakhoza. Mafangasi amapweteka pomeza ndipo kawirikawiri umawaona m'kamwa, pomwe chinthu chimene chikutseka njira pang'onopang'ono chimayamba kukaniza zolimba, zamadzi pambuyo. Tinali tikunyadirana pamene alamu analankhula.

"Bambo a Geoffrey, tawerenganinso pa nsimapo."

Anawerenganso.

"Kachasuyo ndi zakazo si zanga ayi," anatero a Leah. "Koma zinazo ndine. Nanga ansala yake mwati chiyani?"

"Iwe, awa ndi matenda a azibambo achikulire," anayankha a Wilkins, akuseka kuseka kopanda mphamvu. "Manotsi akutero."

Alamu sanatsutse. Anangokokera kolala ya bulauzi pambali, natenga dzanja la amuna awo n'kuliika pamwamba pa fupa lija. Ndinaona nkhope ya a Wilkins ikusintha. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa tonse asanu tinali ophunzira za chipatala, ndipo mayiyu anakhala akuonda pamaso pathu. Mawu oti nsima ikuima pachifuwa a Wilkins sanawapeze m'manotsi. Anawamva m'nyumba mwawo momwe, nawapereka kwa nkhalamba yongopeka.

Lolemba a Wilkins anapita ndi alamu ku chipatala chachikulu cha Sentulo. Kumeneko anawamwetsa mankhwala ena oyera n'kuwajambula, chithunzi chinaonetsa njira ya chakudya itapanikizika, pongotsala kampata ngati ulusi. Madokotala anati ndi khansa ndipo yafalikira, opaleshoni singathandize. Anabwerera ku Chinsapo ndi mankhwala opha ululu.

A Wilkins anafuna kusiya sukulu, alamu anakana. "Ndakhala padzuwa ndi tomato zaka zonsezi kuti muthawe mayeso?" Choncho Loweruka tinkabwerabe, iwo atagona pamphasa pakhonde, akumvetsera. Funso lachitatu lokha amuna awo ankalidumpha.

Tsiku lina, mawu atayamba kusasa, alamu anaitana amuna awo.

"Funso lija musalitaye. Koma mulikonze. Mwandikalambitsa, mwandimwetsa kachasu, ine wa kwaya. Mulembe mayi wa zaka 41, wogulitsa tomato."

Tinaseka, misozi ikutuluka. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, mwana wawo Geoffrey ali Fomu 2. Mayeso a Wilkins anakhoza, koma tsiku la zotsatira sanabwere kudzasangalala nafe.

Anawatumiza ku chipatala chaching'ono cha mutauni momwemu, ndipo ophunzira atsopano anapitiriza kudzaza khonde lija Loweruka. Mu 2008 ndinakawaona, ndinawapeza akuwerenga. Atafika pa funso lachitatu anavula magalasi, chifukwa limeneli sankafunika kuyang'ana papepala.

"Mayi wa zaka 41, wogulitsa tomato, sasuta, samwa. Akuti nsima ikumuima pachifuwa..."

Mtsikana wina sanadikire kuti amalize.

"Zilonda za m'mimba, Abambo. Pa zaka zimenezo khansa ayi."

A Wilkins anayang'ana pomwe pankakhala mphasa.

"Inenso ndinayankha choncho, mwanawe," anatero. "Tamvetsera mpaka kumapeto."