Mmene adada anabwerera ku Hara

Adada anga anabadwira ku Kaporo, kwa makolo a konkuno, koma unyamata wawo wonse anauthera ku Kyela, kunja kwa dziko lino, tsidya la mtsinje wa Songwe, kunyamula matumba a mpunga. Anabwerako ndi Chiswahili pakamwa ndipo sichinawachoke. Ku Hara, komwe ankalima, wina amene ankasirira munda wawo anakawanenera kuboma kuti ndi Mtaifa wobisala, osati nzika ya dziko lino. Akuluakulu ena aboma anabwera, anawakweza galimoto, nʼkukawasiya kutsidya. Sanawafunse kalikonse.

Ine ndinkaphunzitsa ku Chilumba. Amama, omwe ankadwala mtima, anandigwira dzanja nʼkunena kuti, “Mwana wanga, kawatenge adada ako.”

Ku ofesi ya pa Boma bambo wina anandiyankha mwaulemu ndithu. “Mayi, lamulo likuti chigamulo chotere nʼchomaliza. Khoti silingachikhudze. Musadzivute.”

Ndinalira mu minibasi njira yonse. Mnzanga wa kutchalitchi ndiye anandikakamiza kukaonana ndi loya wina wa ku Mzuzu, mayi wosakonda kulankhula zambiri. Ndinawauza kuti ndamva kale kuti khomo ndi lotseka.

“Mawu amenewo alimodi mʼlamulo,” anatero loyayo. “Koma oweruza sawawerenga motambasula. Mawuwo amateteza chigamulo chopangidwa motsata lamulo, chokhudza mlendo. Nanga bambo anu ndi mlendo? Funso limenelo khoti silingaletsedwe kufunsa.”

Mlandu unachedwa. Mpunga wa adada unacha, mbalame zinadya. Ndinkawoloka mlatho wa Songwe kukawaona adada kwa msuweni wawo, komwe ankagona mʼkhitchini. Funso lawo linali limodzi: “Amako ali bwanji?”

Kukhoti lalikulu loya wa boma anaimirira nʼkunena kuti woweruza alibe mphamvu yomvera nkhaniyi. Woweruzayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anayankha mosakweza mawu. Anati malamulo aakulu a dziko anapatsa makhoti udindo woona okha ngati nkhani ili mʼmanja mwawo. Anati mphamvu yothamangitsa inaperekedwa pa alendo okha, ndipo ikagwera nzika, kapena munthu osamupatsa mpata wodziyankhira, pamaso pa lamulo palibe chigamulo choti mawu aja achiteteze. Analandira umboni wa azakhali anga ndi wa akulu a mpingo wa ku Kaporo, ndipo tsiku lina anagamula kuti adada abwerere kwawo.

Amama sanazimve zimenezi. Tinali titawaika mʼmanda mwezi wapitawo, adada ali kutsidya. Pamaliro mpando wawo unakhala wopanda munthu.

Adada ndinakawachingamira pa Songwe ndi jekete lawo. Anali ataonda, lamba atamuboola bowo lina. Titafika ku Hara sanalowe mʼnyumba, anapempha kuti ndiwaonetse manda. Anakhala pansi, nʼkuyamba kuzula tiudzu tomwe tinali titamera kale.

Munda anaupeza, koma sanaulimenso. Anaupereka kwa mlongo wanga, iwo nʼkusamukira kwanga ku Chilumba, komwe anakhala mpaka kumwalira.