Tsiku Lililonse Limene Mpata Ulipo

Pa hotela imene ankagwirapo ntchito, dzina lawo lenileni linkadziwika ndi a kuofesi okha. Ena onse, kuyambira alonda a pageti mpaka ophika, ankawatchula a Yambani. Dzinali analipala okha. Akakumana ndi munthu pakhomo lopapatiza la kukhitchini, ngakhale atanyamula thireyi yodzaza ndi supu wotentha, ankaima n'kunena kuti, "Yambani ndinu." Pampopi, yambani ndinu. Pokwera basi, yambani ndinu, mpaka basi n'kudzaza iwo ali chiimire. Anzawo ankawaseka kuti tsiku lachiweruzo a Yambani adzagona panja pa chipata cha kumwamba, chifukwa adzatanganidwa ndi kupatsa anthu njira.

Anaperekera zakudya zaka makumi atatu ndi zinayi. Ankadziwa kuyala nsalu ya patebulo popanda khwinya, kufukiza matambula pa nthunzi n'kuwapukuta mpaka waliwali, ndiponso kuyenda ndi mbale zinayi pamkono umodzi. Koma chimene ankanyadira kwenikweni chinali maso awo. Mlendo wa pakona akangotukula chala, a Yambani anali atamuona kale, pamene nkhope ili kwa mlendo wina. Mkazi wawo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo ali ndi zaka khumi, ndipo anamulera okha, kumuluka tsitsi mokhotakhota mpaka aneba anawalanda chipeso. Mwana wamkaziyo a Yambani ankamuitana kuti amayi, ndipo sanasiye ngakhale atakula n'kukhala ndi banja lake kutsidya lina la tauni.

Vuto linabwera mwakachetechete, losawawa n'komwe. Anayamba kugunda mipando ndi phewa lakumanzere. Kenako alendo anayamba kudandaula kuti akweza dzanja mpaka kutopa, woperekera osatembenuka. Tsiku lopuma anapita ku chipatala cha maso osauza munthu. Namwino anawayeza ndi kachipangizo kogunditsa padiso, n'kuwaunika m'kati nthawi yaitali, ndipo anasiya nthabwala zimene anayamba nazo. Anawafotokozera kuti madzi a m'diso akupanikiza mtsempha woonera, ndipo mtsemphawo ukafa sudzukanso. Diso lakumanzere linali litapita kale mbali yaikulu. Lakumanja ndilo linali loti n'kulipulumutsa. Anawapatsa kabotolo ka mankhwala odontheza a mwezi umodzi, kalata yodindidwa kuti ndi zachangu, ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wamkulu, amene ankaona odwala Lachiwiri lokha. Linali la pa 8 Ogasiti, 9 koloko m'mawa. Anawachenjeza kawiri konse kuti asaliphonye.

Atapempha tsikulo kwa bwana, anapatsidwa. Koma kutatsala masiku anayi, mnzawo wina wamtali, amene onse ankamuti Nsungwi, anawapeza akupukuta masipuni. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo madokotala anati mwanayo adzabadwa ndi opaleshoni Lachiwiri lomwelo. Bwana anali atamuuza kuti tsikulo kuli msonkhano wa alendo ambiri, sangalole anthu awiri kuchoka. Nsungwi sanapemphe n'komwe, anangodandaula. Sankadziwa za maso aja, poti a Yambani anangouza anthu kuti ali ndi kaulendo. Iwo anaika sipuni pansi, namuuza kuti apite akakhale ndi mkazi wake, kaulendoko kadikira.

Lamlungu masana mwana wawo anabwera kudzawachapira makatani. Apa m'pamene anamuululira, chifukwa tizilembo ta pafoni tinali titayamba kuwavuta, ndipo chipatalacho chinkasintha masiku kudzera pa uthenga wa pafoni wopita kwa kalaliki. Mwanayo anawerenga kalata ya namwino ataimirira, thovu lili m'manja. Anakalipa, analira, anati aimbira Nsungwiyo. Bambo ake anakana kwamtuwagalu, amvekere munthu supereka chinthu n'kukachilandanso. Atagonja, anakhala pampando n'kulemba mizere itatu: dzina, nambala ya khadi, tsiku lakale, ndi mawu akuti namwino anati ndi zachangu, choncho awapatse tsiku lapafupi kwambiri.

A Yambani atamva akuwerenga, anagwira pakamwa. Kwa iwo umenewo sunali uthenga, kunali kulamula. Zaka zonsezi anali ataona alendo ogogoda tambula ndi sipuni, okuwa kuti achite changu, ndipo analumbira kuti sadzakhala mlendo wotero pakhomo pa munthu. Komanso olakwa anali iwo, osintha tsiku. Wolakwa amafika ndi chipewa m'manja. Anamuuza kuti afufute zonse, nayamba kutchula okha mawu, pang'onopang'ono:

"Ulemu wanu. Ndili ndi tsiku loonana ndi dokotala wa maso Lachiwiri pa 8 Ogasiti, 9 koloko m'mawa. Ndikupepesa kwambiri kuti sinditha kubwera chifukwa cha ntchito. Ndakuuzani msanga kuti malo angawo mupatse wina. Ndikupempha kuti mundiike pa tsiku lililonse limene mpata ulipo. Ndikudziwa kuti muli ndi odwala ambiri, choncho musavutike nane. Zikomo chifukwa cha ntchito yanu."

Pansi pake anawonjezera dzina, nambala ya khadi ndi ya foni.

"Bambo, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero mwanayo. "Ndisiyireni liwu limodzi lokha, lakuti zachangu."

"Amayi, anthu aja ndi ophunzira. Akaona okha m'mabuku mwawo."

Anautumiza momwemo. Ndinene pano kuti uthengawo unali wabwino, ndipo kalaliki aliyense angakonde kulandira wotero m'malo mwa anthu ongosowa osatsanzika. Koma ndikaukumbukira mtima umandiwawa, nthawi zina mpaka kupsa. Ulemu wonsewo unali ndi zonse, kupatula chinthu chimodzi chimene chikanawathandiza.

Kalalikiyo analibe mabuku a odwala. Anali ndi ndandanda wa masiku, foni, ndi mauthenga makumi anayi oti ayankhe Lolemba m'mawa. Kalata yodindidwa ija inali m'thumba la jekete la a Yambani. Kalalikiyo anawerenga za munthu waulemu wosafulumira, nafufuza mpata wa odwala wamba, n'kuyankha kuti tsiku lotsatira ndi pa 14 Novembala, ndipo ngati ali ndi kalata yachangu kapena maso akuipiraipira, adziwitse chipatala.

Yankholo linawapeza ali kuntchito. Analiwerenga atayandikitsa foni kumphuno, mzere womalizawo anauona ndithu. Anawerenga pazala masabata khumi ndi anayi. Koma kulembanso kachiwiri, atawavutitsa kale anthu kamodzi, kunawakanika. Anayankha kuti zikomo kwambiri. Mwana wawo atawaimbira, anangomuuza kuti awapatsa tsiku, ndipo si kutali. Iye anali ndi ana awiri odwala chifuwa sabata imeneyo, ndiye anakhulupirira.

Nsungwi anabwerako Lachinayi akusekerera, mwana wamkazi ali bwinobwino, amake nawonso. A Yambani anamugwira chanza ndi manja awiri, ndipo chimwemwe chawo chinali chenicheni.

Kabotolo kanatha kumapeto kwa Ogasiti. Anakatsuka, n'kukaika pawindo. Kawiri konse anavala jekete kuti apite kukapempha kena, koma ankaganiza za mzere wa anthu okhala ndi masiku awo, iwo n'kufika opanda tsiku ngati mlendo wosasungitsa tebulo, ndipo ankavulanso. Poti disolo silinkawawa, ankadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Okutobala, akutembenuka ndi tiyi, anagunda mayi wina amene anaima pambali pawo penipeni. Tiyiyo anathira pansi, sanapse munthu. Bwana sanakalipe. Anangowasamutsira kuchipinda chakumbuyo kuti azipinda nsalu za patebulo, ntchito imene manja awo ankaidziwa okha. M'chipindamo munalibe windo, ndipo phokoso la mafoloko ankalimvera kuseri kwa khoma. Kumeneko n'kumene analira, koyamba chimwalirire mkazi wawo.

Pa 14 Novembala mwana wawo anawaperekeza, atadziwa tsikulo mochedwa ndipo atatopa ndi kukalipa. Anawagwira pachigongono pokwera masitepe. Dokotala anawerenga kalata ya namwino, nayang'ana deti lake, n'kuyang'ananso. Anawayeza, nawaika pa makina oti azidina batani akaona kakuwala, ndipo a Yambani anakhala nthawi yaitali chala chili chete. Kenako dokotalayo analankhula mosabisa. Diso lakumanzere linali litatheratu. Lakumanja linatsala ndi kachigawo ka pakati pokha, ngati munthu wosuzumira pa bowo la kiyi. Anati ayesetsa kusunga kameneko ndi mankhwala ndi opaleshoni, koma zimene zapita m'miyezi itatu imeneyi sizibwerera.

Potuluka anadzera pa kalaliki kuti awalembe tsiku la opaleshoni. Anali mayi wa magalasi, wooneka wotopa. Ataona chidindo pa kalatayo, anafufuza pafoni n'kupeza uthenga uja. Anawauza motsitsa mawu kuti odwala a makalata otero ali ndi mipata yawoyawo sabata iliyonse, ndipo akanadziwa, akanawaika Lachiwiri lotsatira lomwe. Sankadziteteza. Mwana wa a Yambani ndi amene anafufuta liwu lija ndi chala chake, ndipo ankadziwa kuti zimenezi adzakalamba nazo.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mwanayo anawavula jekete, nawakhazika pampando wa pabalaza, n'kugwada pafupi kuti awamasule nsapato. Kenako misozi inamugonjetsa, ndipo anawagwira mawondo akupepesa kuti akanakakamira. A Yambani anaweramira pamene panali mawuwo. Anaona diso limodzi lonyowa ndi kachidutswa ka tsaya, basi. Anasuntha mutu, n'kuona pakamwa, diso lija n'kusowa.

"Amayi, tadzukani," anatero. "Kaimeni uko."

Iye anadabwa, poganiza kuti akumuthamangitsa, koma anadzuka n'kubwerera m'mbuyo.

"Pitirirani. Mpaka kukhoma."

Anabwerera mpaka msana unagunda khoma, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, pamene panali patali kwambiri m'kanyumbako. A Yambani anawongola khosi, nayang'anitsitsa osaphethira.

"Imani pomwepo," anatero. "Apo ndiye nkhope yonse ikukwana."