Nkhope ya mwana wanga pa chitseko cha tyushoni

Chilengezo chija ndinachiona ndili pa ntchito yanga ya masiku onse, ndikukazinga vitumbuwa pa siteshoni ya mabasi ku Rufunsa. Kunali kumapeto kwa Julayi, mphepo ikutithira fumbi la mumsewu waukulu, masukulu atatsala pang'ono kutsekera. Foni inalira, ndinapukuta mafuta pa chitenje n'kutsegula gulu la makolo a Giredi 12, poti mwana wanga wachiwiri anali m'kalasi imeneyo chaka chimenecho.

Anatumiza anali aphunzitsi a masamu. Zinalembedwa m'Chingerezi, koma manambala safuna womasulira. Tyushoni ya holide ya Ogasiti, masabata atatu, Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 08:00 mpaka 12:00. Masamu, sayansi ndi bayoloje. Phunziro limodzi K150, onse atatu K400, kulipira musanayambe, potumiza pa nambala ya foni imene inali m'munsi. Malo ake anali chipinda chija cha kuseri kwa msika chimene kale chinali golosale. Ndipo analemba ndi zilembo zofiira kuti malo ndi ochepa.

Pansi pa zonsezi panali nkhope ya mwana wanga woyamba, akumwetulira, atanyamula pepala la zotsatira za mayeso ake. Mawu a pa chithunzicho anali akuti: wophunzira wathu wa chaka chatha, mapointi 9, wanunso angathe.

Vitumbuwa vinapserera mu poto ine ndili kukamwa yasa.

Mapointi 9 anali oona. Pa mayeso a Giredi 12 mapointi akachepa ndiye kukhoza, ndipo mwanayo anakhozadi, Rufunsa yonse inamva. Bodza linali pa mawu akuti wathu. Mwana wanga sanakhalepo pa benchi la tyushoni imeneyo ngakhale ola limodzi. Chaka chapitacho ndinamutumako tsiku loyamba ndi theka la ndalama, kuti zotsalazo ndipereke sabata ikatha. Aphunzitsiwo anaima pakhomo, anawerenga ndalamazo anzake onse akuona, n'kumubwezera m'manja. Anamuuza kuti pano si pa msika pomwe amayi ake amanenerera mitengo. Anabwera kunyumba maso ali gwa, osalira, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa akanalira. Holide yonseyo anakakhala kwa mng'ono wanga ku Mpanshya, akuwerenga yekha mapepala a mayeso akale amene anabwereka kwa mwana wa nesi wina, ena ong'ambika makona, ena opanda tsamba lomaliza.

Chithunzicho ndinachikumbukira. Tsiku limene tinapita kukatenga zotsatira kusukulu, aphunzitsi omwewo anatithamangira mano onse ali pamtunda, n'kupempha kumujambula, ati ndi cha chikumbutso cha sukulu. Ine mwa uchitsiru wanga ndinamukonzera ngakhale kolala ya bulauzi.

Ndinasiya poto kwa mnzanga wogulitsa nthochi n'kupita kuseri kwa msika. Ndinawapeza akumata chilengezo chomwecho pa chitseko, chachikulu, chosindikizidwa ndi mitundu. Nkhope ya mwana wanga inali pa chitseko chenichenicho chimene anamubwezerapo.

“Ba ticha, uyu mwana munamupunzisa liti tyushoni?” ndinafunsa, moni ndinaiwala dala.

Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anaseka, n'kundikokera mpando.

“Amai, nkalani pansi. Sininamupunzise masamu kusukulu zaka zitatu? Ni mwana wanga uja. Palibe boza apa.”

“Munamupitikisa pa chitseko ichi.”

“Zija zinapita, amai. Tikambe za manje. Mufana wake mwaona mwamene anachitila mu moko?”

Ndinali nditaona. Moko ndi mayeso oyeserera amene amalemba asanafike enieni a kumapeto kwa chaka, ndipo wachiwiri wangayo masamu anagwa nawo chagada. Iye mtima wake wonse unali pa unesi, koma ku koleji ya unesi popanda kukhoza bwino masamu ndi sayansi sakuyang'ana n'komwe. Si mwana wopusa, koma alibe mutu wa mkulu wake woti n'kukhala yekha ndi mapepala akale n'kutulukamo ndi kanthu. Amafuna munthu womulozera. Ndipo aliyense ankadziwa khalidwe la aphunzitsiwa, loti mitu ina yovuta ankaidumpha m'kalasi n'kumati tidzaiona pa holide. Holide yake inali iyi ya K400.

“Abwele pa Mande,” anatero akusalaza pepala lija ndi chikhatho. “Masabujekiti yonse yatatu, mahala. Imwe musavutike na kalikonse. Chabe tisapange chongo pa vintu ving'ono.”

Munthu wophunzira, wovala tayi, amene ana athu amamuimirira akalowa m'kalasi, anali kundigula masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mtengo wanga anali ataudziwa kale. Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinang'amba pepala lija n'kumuponyera kumaso. Sindinatero. Ndinati ndikaganize, ndipo tonse awiri tinadziwa tanthauzo lake.

Woyamba wangayo nthawi imeneyo ankagwira ntchito m'kabuthi kotumizira ndalama pa foni, pafupi ndi pamene ndimakazingira, akudikira za ku yunivesite. Chilengezocho anali atachiona kale, anzake anamutumizira m'mawa womwewo. Nditamufotokozera madzulo kunyumba zimene aphunzitsi ananena, anayang'ana mng'ono wake amene ankatsuka mbale panja, n'kunena kuti, “Apite chabe.” Ine ndinalandira mawu awiriwo mofulumira kwambiri, ngati kuti andikhululukira zonse.

Lolemba wachiwiriyo anayamba. Malo ochepa aja anakhala odzaza mpaka pakhomo, ana atapanikizana anayi pa benchi la awiri, ena atakhala pa zidebe zimene anabwera nazo kunyumba. Ya 08:00 ija inkayamba cha m'ma 9, ndipo masiku ena aphunzitsi ankalemba ntchito pa bolodi n'kusowa mpaka nthawi yoweruka itayandikira. Koma ndisaname, akaima kutsogolo ankaphunzitsa zomveka. Mwana wanga ankabwera akuti lero wamvetsa zimene zinamuzunguza mutu chaka chonse. Zimenezi zinkandinyansa kwambiri, chifukwa zinasonyeza kuti munthuyu ankatha kuphunzitsa bwino m'kalasi ya boma nthawi yonseyi, koma ankasunga dala.

M'gulu la makolo lija anthu ankandiyamikira. Wina analemba kuti amayi awa anaika ndalama pa mwana, onani zipatso. Ine ndinkangowerenga, chala chili pa foni, osalemba kanthu.

Lachitatu la sabata yoyambayo minibasi yochokera mbali ya ku Lusaka inatsitsa mayi wina wa msinkhu wanga, atavala nsapato za pulasitiki zomangidwa ndi waya, ali ndi mtsikana wonyamula chikwama ndi kathumba ka ufa. Anafunsa kwa ogulitsa nthochi, ndipo iwo anamulozera kwa ine. Anagwada pang'ono popereka moni, n'kunena kuti wachokera ku Chinyunyu. M'manja anali ndi foni yaing'ono yosweka galasi, ndipo ya mwana wake, yokulirapo, inali ndi chithunzi chija.

“Ndimwe amake uyu mwana?”

“Ndine.”

“Mulungu akudaliseni. Ine nagulisa mbuzi yanga, yenze imozi chabe. Uyu azankala kwa mulamu wanga kuno mpaka tyushoni isile. Manje nenze kufuna nimvele kwa imwe mweka, pakuti imwe ndimwe mai munzanga simunganiname. Mwana wanu anapunzila kwa aba ba ticha zoona?”

Kabuthi ka mwana wanga kanali pamtunda woti munthu akatsokomola ndinkamva. Ndinkadziwa kuti akumvetsera. Ndinkadziwanso kuti mng'ono wake ali pa benchi kuseri kwa msika nthawi yomweyo, pa malo amene sindinalipire, ndipo kuti mawu a pa siteshoni safuna basi kuti afike kumsika. Ndinayang'ana mu poto.

“Ee,” ndinatero. “Anapunzila kwamene kuja.”

Mayi uja anapuma mpweya wautali ngati watula mtolo wa nkhuni. Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kufunsa kumene angatumizire ndalama, popeza chilengezo chinati za pa foni. Wogulitsa nthochi, mokoma mtima, anamuuza kuti ali ndi mwayi, mwini nkhopeyo ndi uyo ali m'kabuthiyo.

Ndinaona zonse ndili pa mbaula yanga. Mayiyo anagwira dzanja la mwana wanga ndi manja awiri, n'kuuza wake kuti amuyang'anitsitse, adzakhale ngati ameneyu. Mwana wanga anayankha mwaulemu monga ndinamulerera. Analandira ndalama za mbuzi zija, anaziwongola imodziimodzi, n'kuyamba kudina. Mayiyo anafuna kumuwerengera nambala ya aphunzitsi, koma iye anati asavutike. Anali ataidziwa pamtima, chifukwa kuyambira tsiku limene chilengezo chinatuluka makolo ankabwera pa kabuthi kake komweko, ena dala, kuti ndalama zawo zidutse m'manja a mwana wa mapointi 9.

Atapita, ndinamutengera vitumbuwa viwiri votentha pa kapepala, monga ndimachitira masiku onse masana. Anavilandira n'kuviika pambali.

“Chaka chatha ananibweza pa chitseko na K200 mu manja,” anatero, osakweza mawu. “Manje ndine nimutumila ndalama za bantu. Aba ni ba namba seveni lelo.”

“Ni chifukwa cha mufana wako,” ndinatero.

“Niziba, amai. Ine ndine ninakamba kuti apite. Koma kuti nikale chete na kuti imwe mukambe ee, ni vintu viwili.” Anatsegula buku lake la ntchito n'kuyang'ana mmenemo. “Mwanigulisa pa K400. Mukanakwezako pang'ono.”

Wachiwiri uja masamu anakhoza, ndipo lero ali ku koleji ya unesi. Za mtsikana wa ku Chinyunyu sindidziwa, ndipo sindinafunsepo, chifukwa ndimaopa yankho lake. Minibasi ikaima n'kutsika mayi wa nsapato za pulasitiki, ndimapeza chochita pansi pa tebulo.

Chilengezo cha chaka chino chatuluka sabata yatha. Phunziro limodzi lakwera mtengo, nthawi ndi zomwe zija, ndipo nkhope ikadali ya mwana wanga, yasuluka pang'ono chifukwa choikopera kambirimbiri. Kolala ija ndinamukonzera ndi manja anga ikuonekabe bwino, yowongoka.