Funso Limene Linachotsetsa a Geji M'kalasi

Pa 9 Meyi, Lachiwiri, nthawi ili cha m'ma 3 koloko masana, a Geji anawatulutsa m'kalasi ngati mwana wosokosa. Munthu wa zaka 68, wa imvi mpaka m'nsidze. Kalasiyo inali m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya utoto, momwe munali mipando ya pulasitiki khumi ndi iwiri, fani yosazungulira, ndi kanema wamkulu pakhoma. Mwini kalasi, mnyamata wa suti yothina amene ankadzitcha Profesa, ankaphunzitsa anthu kugula ndi kugulitsa pamsika wa pa intaneti. Mlandu wa a Geji unali umodzi: anakweza dzanja.

Tsikulo Profesa anaonetsa tchati cha mtengo wa mafuta, chimene kamzere kalikonse konenepa, kotchedwa kandulo, kankaimira ola limodzi. Makandulo obiriwira, osonyeza kukwera kwa mtengo, anali atandandana ngati masitepe okwera.

“Mawa tonse tikugula,” anatero. “Ikani zonse. Sitopu ndi ya anthu amantha.”

Sitopu ndi malire amene munthu amaika kuti mtengo ukamutembenukira malonda atsekeke okha asanataye zambiri. A Geji atamva akuinyoza, khutu linawayabwa.

“Pepani aphunzitsi, tatitsegulireni tchati cha sabata tione.”

“Agogo, ife sitidikira sabata. Ndalama timapanga lero.”

“Sindinafunse za lero. Ndati cha sabata chikuti chiyani?”

“Amene wabwera ndi agogowa awathandize pa masitepe, angagwe.”

Kalasi yonse inaseka. Chimene chinawapweteka kwambiri a Geji n'chakuti mkamwini wawo, amene ndi wometa tsitsi, naye anali m'kalasimo ndipo anaseka, ataphimba pakamwa ndi kope. Madzulo ake anapeza kuti awachotsanso pagulu la pafoni.

Dzina la Geji analitenga kuntchito. Kwa zaka 31 ankayeza madzi a mtsinje pa geji, thabwa la manambala lozikidwa pansi pa mlatho. Tsiku lililonse m'mawa ankatsika ndi buku lake n'kulemba pamene madzi afika. Mvula ikavuta ankalemba ola lililonse, ndipo kumapeto kwa sabata ankajambula mzere umodzi papepala la timabokosi n'kutumiza kulikulu. Atapuma anawapatsa wotchi ya pakhoma imene inafa pasanathe mwezi, ndipo kalata yodandaula za wotchiyo sinayankhidwe mpaka pano. Makope a makalata otere amawasunga m'faelo yabuluu. Ndi yonenepa.

Koma mlatho unawaphunzitsa chinthu. M'chilimwe mvula ya tsiku limodzi kumapiri imatha kukweza madzi kwa maola angapo, ndipo mlendo woima pamlatho angalumbire kuti mtsinje ukudzaza. Buku la sabata limakhala likunena zina: mtsinje ukuphwa. Choncho atayamba kuseweretsa matchati pa kompyuta yakale ya mdzukulu wawo, zaka ziwiri pa akaunti yoyeserera kenako ndi tindalama tochepa, sanaone chachilendo. Loweruka lililonse m'mawa, msika utatseka, ankayamba ndi cha sabata, n'kutsikira ku cha tsiku. Cha ola ankachitsegula pomalizira. Sanalemere nazo, ndipo sananamizepo munthu kuti analemera. Malonda ena ankawaluza ngakhale matchati onse atatu akugwirizana. Koma sitopu inkawatulutsa ali ndi nsapato zawo.

Ku kalasi kuja sanapite mwa kufuna kwawo. Anawatuma ndi mwana wawo wamkazi, telala, amene kwa zaka zitatu ankasunga ndalama zogulira makina a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu, kuti azilandira maoda a mayunifolomu. Mwamuna wake anamunyengerera kuti aziike kaye pa akaunti ya msika, zikule, agule makina awiri. Akauntiyo inali m'dzina la mkaziyo, ndipo wodina batani anali iye.

Lachitatu m'mawa a Geji anafika kushopu ya mwana wawo kompyuta ili m'chikwama cha nsalu. Anakankhira pambali lumo ndi choko patebulo lodulira. Mkamwini anali kale pomwepo, foni ili m'manja.

“Bambo, anzathu onse alowa kale. Dzulo munatichititsa manyazi, lero musatichedwetsenso.”

“Ndinakuchititsani manyazi ine? Chabwino. Mwanangu, bwera uone wekha. Ine sindikhudza foni yako.”

Anatsegula cha sabata. Kandulo iliyonse inali sabata yathunthu.

“Loza nsonga ya mwezi wa Januwale. Tsopano loza yotsatira. Ili pamwamba kapena pansi?”

“Pansi.”

“Yotsatira?”

“Pansinso.”

“Nanga m'munsimu, pamene mtengo umagwera usanadzuke?”

Telala anayendetsa chala. “Paliponse pakutsikirabe.”

“Ndiye mtsinje ukulowera kuti?”

“Kumunsi, bambo.”

Anatsegula cha tsiku. Apa mtengo unali utakwera masiku asanu ndi limodzi, ndipo unali kuyandikira malo amene m'mwezi wa Malichi unakhalapo nthawi yaitali usanabooke n'kugwa. A Geji anagoneka tepi yoyezera nsalu pagalasi la kompyuta, pamalo omwewo.

“Apa pankaugwira mtengo kuti usagwe. Utabooka, amene anagula apa anatsala akulira. Ukabwerera, ambiri amagulitsa kuti angotulukamo. Kawirikawiri ndi pamene kukwera kotere kumathera mpweya. Tsopano tsegula cha ola cha Profesa wanuyo.”

Masitepe obiriwira aja anaonekera, okongola ngati dzulo.

“Mwaona?” anatero mkamwini. “Ukukwera!”

“Ukukwera, inde. Masitepe anu onsewa ndi timakandulo tisanu ndi kamodzi pa cha tsiku. Pa cha sabata ndi kandulo imodzi ndi kachidutswa. Mukufuna kuika makina a mkazi wanu pa mvula ya tsiku limodzi.”

“Ndiye tizingoyang'ana anzathu akudya?”

“Muziyang'ana. Maso salipiritsa.”

Telala anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana tepi ija. Kenako anaika foni m'kabati ya ulusi, n'kukhoma, kiyi n'kumangirira pa mpango.

“Iwe, ndi nzeru za bambo ako zimenezi?”

“Ndi maso anga. Nsongazo ndaziwerenga ndekha.”

Tsopano, aliyense woganiza kuti msika umalemekeza akuluakulu sanauone. Lachitatu lonse mtengo unakwera. Lachinayi m'mawa unakweranso, mpaka unapyola pang'ono pamzere wa tepi. Gulu la pafoni linadzaza ndi zithunzi za phindu, ndipo mkamwini ankachoka kometera kwake ola lililonse, atasiya kasitomala mutu uli theka, kudzaonetsa mkazi wake.

“Taona! Uyu wa minibasi wapeza ya matayala. Ife tapeza tepi.”

Telala anasoka kolala chagada, n'kuphwasula, n'kusokanso chagada. A Geji anakhala pa benchi ya makasitomala, tiyi atazizira. Ankadziwa bwino kuti mitsinje imatembenuka, ndipo kutsika kwa miyezi inayi kumatha tsiku lina. Kandulo ya tsiku ikanatseka, ndiye kuti tsiku n'kutha mtengo uli pamwamba pa mzere uja, n'kukhazikika, kenako mtengo n'kupyola nsonga yomaliza ya sabata, akanayenera kuvula chipewa pamaso pa wometa tsitsi. Chimene chinkawalimbitsa n'chimodzi: ngakhale zitatero, mwana wawo akanangophonya phindu. Makina akanakhalapobe.

“Bambo, mwina talakwa?” anafunsa telala motsitsa mawu.

“Mwina. Tidikire kandulo itseke. Kandulo yosatseka ndi mphekesera.”

Lachisanu m'mawa anapeza kandulo ya Lachinayi itatseka pansi pa mzere, yasiya chingwe chachitali m'mwamba: mtengo unakwera, n'kukanidwa. Apo m'pamene a Geji anatsegula cha ola ndi mtima wonse. Cha m'ma 10 koloko mtengo unagwa kupyola sitepe yomaliza ya masitepe aja. Unayesa kudzuka, koma unalephera kufika pa nsonga ya dzulo. Matchati onse atatu tsopano ankaloza kumodzi.

Pamsika umenewu munthu amatha kuyamba ndi kugulitsa, n'kudzagula mtengo utatsika. A Geji anagulitsa pa akaunti yawo, kagawo kakang'ono monga mwa nthawi zonse, sitopu n'kuiika pamwamba pang'ono pa nsonga ya Lachinayi.

“Nanenso ndilowe?” anafunsa mwana wawo.

“Ayi. Zako ndi za makina. Izi zikhoza kundiluma ngakhale lero.”

Sizinawalume. Pofika 3 koloko masana masitepe onse a masiku anayi omaliza anali atafafanizika. Zithunzi pagulu zinasiya kubwera. Amene anaika zonse popanda sitopu, akaunti zawo zinayamba kutsekedwa zokha chifukwa ndalama zogwirizira malonda zinali zitatha. Wa minibasi uja anaimba foni akulira. Profesa analemba mzere umodzi, wakuti msika wachita zachilendo, n'kutseka gulu kuti wina asalembemo.

Mkamwini analowa m'shopu mwakachetechete, n'kukhala pa mpukutu wa nsalu. Telala anamasula kiyi pa mpango, n'kutsegula kabati, n'kuyang'ana foni. Ndalama zake zinali momwe anazisiyira. Anapuma mpweya wautali, n'kuyamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

“Bambo, tiyi wanu wazizira. Ndikuwiritsireni wina.”

“Wiritsa. Uikemo shuga atatu, adokotala sali pano.”

Mkamwini anakanda kumutu. “Bambo… tsitsi lanu lakula. Mubwere mawa, ndikumeteni ulere.”

“Munthu amene anandiseka andigwirire lumo pakhosi? Ndibwera. Koma muyambe mwamaliza mutu wa kasitomala wa dzulo uja.”

Lolemba telala anatulutsa ndalama zonse pa akauntiyo. Makina a ovaloko anafika Lachinayi pa galimoto ya matola, ndipo a Geji ndi amene anawerenga kabuku ka malangizo, mokweza, tsamba lililonse, mpaka aliyense anathawa. Usiku umenewo anagona tulo tabwino koyamba chichokereni m'kalasi muja.

Koma mtima kukhala pansi si kuiwala. Anthu khumi a m'kalasi muja analibe kwawo mkulu wamakani woti awakwezere dzanja. M'mawa mwake a Geji anavala jekete, n'kukwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya utoto popanda wowagwira. Chitseko chinali chokhoma. Analowetsa kalata pansi pake, kope lake lili kale m'faelo yabuluu. Inali yaifupi:

“Aphunzitsi, pa 9 Meyi ndinakufunsani funso pamaso pa anthu khumi ndi mmodzi, inu n'kundionetsa khomo. Za chipongwe tisiye. Kodi tchati cha sabata munachitsegula musanauze anthu kuti aike zonse? Ngati simunachitsegule, mumaphunzitsa chiyani? Ngati munachitsegula, munabisiranji? Ndiyankheni molemba.”